Tinati "tiyesetsa", bwana anamva kuti zitheka

"Ndimagwira ntchito ku bungwe lina kuno ku Mzuzu, timaphunzitsa makalabu a alimi zodzala mitengo. Chaka chino kwabwera bwana watsopano wochokera ku Holland. Pa miting'i anafunsa ngati maphunziro a makalabu 10 atha pofika pa 28 Febuluwale, ine ndinati tiyesetsa, mnzanga n'kuwonjezera kuti msewu wa ku Usisya uli ndi kavuto pang'ono. Tonse m'chipindamo timadziwa kuti sizitheka. Tsikulo litakwana tinali titapanga makalabu 4 okha, ndiye bwanayo pamaso pa aliyense anati ndinawanamiza. Ndinakalirira ku toileti. Pano pa miting'i aliyense amangoti zii, iwo akuti timu yawo ilibe maganizo. Kodi ndi mwano wawo kapena olakwa ndife? Ndingosiya ntchito?" Mayi wa ku Chibavi

Achemwali, pepani kwambiri, kutchulidwa wabodza pagulu kumawawa ndithu, makamaka pamene mumtima mukudziwa kuti munachenjeza. Koma kalata yosiyira ntchito ija musalembe kaye. Ine ndakhala zaka zambiri ndikuyendetsa zokambirana m'maofesi momwe muli a Malawi ndi anthu akunja, ndipo nkhani ngati yanuyi ndakumana nayo kambirimbiri moti ndikangomva poyambira ndimadziwa kothera, komanso ndaona ikukonzeka anthu n'kumagwira ntchito limodzi bwinobwino. Inu simunaname ayi. Koma bwana wanunso sanamve zomwe munanena, ndipo sakunamizira kuti sanamve. Munayika uthenga pamalo pomwe iwo sanaphunzitsidwe kuyang'anapo.

Amene anayamba kufotokoza bwino zimenezi ndi Edward T. Hall, katswiri wa zachikhalidwe cha anthu wa ku Amereka. Munthuyu m'zaka za m'ma 1950 ankaphunzitsa akazembe ndi antchito a boma la Amereka omwe ankatumizidwa kumayiko ena, ndipo ankaona anthu anzeru zawo akukhumudwitsana ndi eni dziko ngakhale chiyankhulo akuchimva. Mu 1976 anatulutsa buku momwe anagawa kayankhulidwe m'mitundu iwiri, hayi kontekisiti ndi lo kontekisiti. Mawuwo asakuopseni. Akungotanthauza kuti kwina uthenga wambiri sukhala m'mawu enieniwo, umakhala mu zozungulira mawuwo, monga amene wayankhula ndi ndani, wayankhula kwa ndani, pali ndani akumvetsera, nkhope ili bwanji, wasiya kunena chiyani. Kumeneku ndi kuyankhula mokuluwika, ndipo Hall anayikako mayiko ngati Japan, China ndi a Aluya. Kwina nako uthenga umayenera kukhala m'mawu momwemo, chomwe sunanene ndiye kuti palibe, ndipo uku anayikako a Jeremani, a Swisi oyankhula Chijeremani, a ku Scandinavia ndi a ku Amereka. A ku Holland nawo amadziwika kwambiri ndi kuyankhula mosapsatira, eni akewo amanyadira nazo, amakuona ngati kukhulupirika.

Chomwe ndikufuna muchigwire ndi ichi, mbali ziwirizi zimasiyana pa funso loti udindo woti uthenga wamveka uli kwa ndani. Kwathu kuno udindo uli kwa womvera. Munthu wamkulu sachita kumuuza zonse, amayenera kutola yekha, ndipo amene amafuna kuuzidwa chilichonse mwachindunji timamuona ngati wosakhwima. Tangoganizani thenga akapita kukafunsira mbeta, akakhala pamphasa sayamba ndi kutchula chomwe wabwerera, ndipo akuchikazi akafuna kukana sanena kuti takana, amati tamva, tikhale pansi kaye ndi eni mwana, ena ali kutali. Thenga wodziwa ntchito yake amabwerera atamva kale yankho lonse. Kwa bwana wanu udindo uli kwa woyankhula. Ngati womvera sanamve ndiye kuti woyankhula sananene bwino. Ndiye pa miting'i ija inu munatuluka mukuti tawauza, akuluakulu amva okha, iwo anatuluka akuti ndafunsa, palibe wakana. Aliyense anatuluka ali ndi mtima woyera.

Tiyeni tiwamvetsere mawu anu aja ndi makutu awo. Kwa ife "tiyesetsa" ali ndi masitepe ake. Pali tiyesetsa wonenedwa msanga nkhope ili gwa, ameneyo ndi eya. Pali tiyesetsa wobwera patapita kanthawi, munthu atayang'ana kaye pa tebulo, atapumira m'mwamba, mawu atatsika, ameneyo ndi ayi waulemu. Inu ndi ine timasiyanitsa osaganizira n'komwe. Koma mukawatembenuzira m'Chingerezi mawuwa amamveka ngati lonjezo la munthu wakhama, ndipo kachete kanu kaja ndi kuyang'ana pansi kuja iwo anakuwerenga ngati manyazi chabe kapena sanakuone n'komwe chifukwa maso anali pa laputopu. Kavuto pang'ono ka msewu nako, munthu amene anatsikako ku Usisya nthawi ya mvula amadziwa kuti kavuto kameneko ndi galimoto kukanika kukwera phiri, mwina kugona komweko. Munthu wongofika kumene, amene kwawo msewu woipa ndi wokhala ndi kadzenje kamodzi, akamva kavuto pang'ono amawerengera mphindi 30 zochedwa basi. Ife timachepetsa vuto ndi ka- uja kuti tisamuopseze munthu, iwo amatenga kukula kwa mawu ngati kukula kwa vuto.

Ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso. Zaka zingapo zapitazo ndinaitanidwa ku bungwe lina lomwe linkakumba mijigo m'midzi ya chakumadzulo kwa Mzimba, woyang'anira anali injiniya wa ku Jeremani, bambo wolimbikira ntchito kwabasi. Anali ndi pulani ya mijigo 8 pofika kumapeto kwa Malichi chifukwa ndalama za opereka thandizo zinkatsekedwa mwezi umenewo. Pa miting'i ya Lolemba anayimirira pa bolodi n'kufunsa kuti pali amene ali ndi vuto ndi pulaniyi? Chete. Anawerenga nkhope mwachangu, masekondi awiri osakwana, n'kuti chabwino tagwirizana. Mayi wina wa kufiludi anakweza dzanja mwatheka n'kunena kuti pamudzi wachisanu paja amfumu sitinawaone bwinobwino. Injiniya anati si munapitako sabata yatha? Mayiwo anati eya tinapita. Iye anati basi ndiye mwawaona, n'kupitirira pa ajenda ina. Nthawi ya tiyi itakwana ndinatuluka nawo panja, kunali kamvula kowaza kathu ka ku Mzuzu kaja, anthu atazungulira fulasiki pakhonde ndi masikono m'manja, ndipo pamenepo m'pomwe miting'i yeniyeni inachitikira, m'Chitumbuka ndi Chichewa chosakaniza. A dalaivala, bambo achikulire amene m'chipinda muja sanatsegule pakamwa, ananena mosavuta kuti lole ya makina okumbira siingawoloke dambo lija mpaka mvula itasiya, ndipo malo omwe asankha pamudzi wachisanu ali pafupi ndi manda, amfumu sangalole koma sangakanenso pamaso pa mlendo, n'chifukwa chake nthawi zonse akumati tidzakuyankhani. Zonse zofunika kuti pulani ikonzedwe zinalipo mu ofesi momwemo, mamita 10 kuchoka pa bolodi, koma sizinalowe m'chipinda.

Ndinawafunsa a dalaivala aja kuti bwanji simunanene mkati? Anandiyang'ana modabwa n'kuti, ine ndiwauze abwana kuti pulani yawo ndi yolakwika pamaso pa ana onsewa? Komanso mayi aja anena kale. Mukuona achemwali, kwa iwo nkhani inali itanenedwa. "Sitinawaone bwinobwino" inali lipoti lathunthu loti amfumu sanavomere. Injiniya anamva za ulendo, ngati galimoto inapita kapena ayi.

Tinachita chinthu chaching'ono. Masana omwewo ndinakhala ndi injiniya uja patokha ndi kumufunsa kuti kodi mukufuna kudziwa ngati anthu akuvomereza, kapena mukufuna kudziwa chomwe chingalepheretse? Anati chachiwiricho. Ndinati ndiye funso lanu likufunsa choyambacho. Mawa lake sanafunsenso kuti pali vuto, anagawa timapepala n'kuti aliyense alembe, osayika dzina, kuti pa mijigo 8 ndi ingati yomwe akuona kuti ikhala itatha pa 31 Malichi, ndi chinthu chimodzi chomwe chingatichedwetse. Mapepala anabwera, ambiri analemba 3, wina 4, panalibe ndi mmodzi yemwe amene analemba 8. Bambo uja anakhala pansi n'kugwira mutu, osati mokwiya, koma modabwa kuti anthu onsewa ankadziwa. Sabata yomweyo analembera opereka thandizo kupempha kuti nthawi iwonjezedwe, ndipo chifukwa anapempha kusanachedwe zinatheka, mjigo wa pamudzi wachisanu unasunthidwa malo atakambirana ndi amfumu kudzera mwa nduna yawo.

Pali kamsampha kena ka chiyankhulo komwe anthu ambiri sakadziwa ndipo kamayambanitsa anthu zedi. M'Chichewa munthu akakufunsa kuti simunamalize lipoti lija? umayankha kuti eee, kutanthauza kuti zoona sindinamalize. Timavomereza zomwe wofunsa wanena. M'Chingerezi funso lomwelo ukayankha yesi womvera amasokonezeka kapena amamva kuti wamaliza, chifukwa iwo ngati sunamalize umayenera kuti no. Ndiye bwana akafunsa funso lokhala ndi "si" mkati inu n'kuyankha yesi wa Chichewa, mwagwirizana zinthu ziwiri zosiyana. Mankhwala ake ndi osavuta, musamayankhe ndi liwu limodzi, nenani chiganizo chonse, lipoti silinathe, litha Lachinayi. Komanso yesi wathu wambiri pa miting'i amangotanthauza kuti ndikumva, pitirizani, ngati mmene timachitira eee, eee munthu wamkulu akamayankhula. Mlendo amawerenga ma yesi amenewo ngati mavoti.

Tsopano inuyo mupange chiyani. Choyamba pemphani kuonana nawo panokha, osati pa miting'i, osatinso pa WhatsApp. Ndikudziwa kuti mtima ukukana chifukwa ndi iwo anakulakwirani, ndipo mwachikhalidwe chathu mukudikira kuti aone okha kuti nkhope yanu yasintha, kuti simukusekanso nawo, abwere adzapepese. Sabwera. Osati chifukwa cha kuuma mtima, koma kwa iwo nkhani ija inatha tsiku lomwelo, ananena zomwe amaganiza basi, ndipo kukhala chete kwanu sakukuwerenga ngati uthenga. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mukalowa musazungulire, chifukwa mukayamba ndi mbiri yaitali adzatayika musanafike pa mfundo. Nenani zinthu zitatu motsatana. Kuti tsiku lija pamene ndinati tiyesetsa ndinkatanthauza kuti sizitheka, ndipo aliyense wa kuno anamva choncho, koma ndazindikira kuti inu simukanamva, kuyambira pano ndizikuuzani ndi manambala. Kuti pamene munati ndinanama pamaso pa anzanga zinandipweteka kwambiri, kuno mawu amenewo ndi olemera, amaononga dzina la munthu. Ndipo kuti ngati ndalakwitsa ndikupempha muzindiuza patokha. Mwa anthu oyankhula mosapsatira omwe ndagwira nawo ntchito, ambiri akauzidwa chonchi amadzidzimuka n'kupepesa pompo, ena mpaka amafunsa kuti bwanji simunandiuze kale. Kwa iwo kubwera kudzanena maso ndi maso ndi ulemu waukulu, sakuona ngati kuderera.

Chachiwiri ndi kaperekedwe ka uthenga woipa. Anthu ambiri amaganiza kuti kuyankhula mwachindunji ndiye kutaya ulemu, ayi ndithu. Ulemu wanu usiyeni pomwe uli, m'mawu ofatsa, mu moni, mu kuwatchula bwino. Chomwe mukuwonjezera ndi nambala, tsiku ndi chifukwa. Yankho lanu la tsiku lija likanakhala lotere: bwana, pofika pa 28 Febuluwale tingakwanitse makalabu 4, mwina 5 mvula ikatipatsa mpata. Otsalawo ali ku Usisya, msewu wake mwezi uno galimoto siimadutsa mvula ikagwa, ndiye ndikuona kuti amenewo tiwayike kumapeto kwa Epulo, kapena ngati n'zofulumira tione za boti kuchokera ku Nkhata Bay koma bajeti yake ikwera. Onani kuti mulibe liwu loti ayi, mulibe kuti pulani yanu ndi yolakwika, koma munthu sangatuluke akuganiza kuti 10 itheka. Ndipo mwawapatsa chosankha, zomwe mabwana otere amazikonda kwambiri chifukwa nawonso ali ndi owafunsa kumtunda. Dziwani kuti chomwe chinawapsetsa mtima kwenikweni si makalabu 6 otsalawo, ndi choti iwo anali atalonjeza kale 10 kwa amene amapereka ndalama, potengera tiyesetsa wanu uja, ndiye anaoneka osadziwa ntchito. Uthenga woipa wofika msanga kwa iwo ndi mphatso, wofika mochedwa ndi umene amautcha bodza.

Ndipo musaganize kuti kuyankhula kotere n'kwachilendo kwa ife. Mukapita kwa ejenti kukatumiza ndalama pa foni, amakuwerengerani nambala, amatchula dzina lomwe latuluka, amabwereza ndalama, inu n'kuvomera. Palibe amati ejenti ameneyu ndi wamwano kapena akundiyesa mwana. Anamwino akamasinthana shifiti amatchula bedi, mankhwala ndi nthawi, sakuluwika. Timadziwa kale kuti pali malo pomwe kulakwitsa kumadula, ndipo pamenepo timamasula zonse. Madeti ndi ndalama za pulojekiti muziziyika m'gulu lomwelo.

Chachitatu chikukhudza miting'i yeniyeniyo, ndipo apa mpofunika bwana asinthe nawonso, si inu nokha. Mukaona kuti kukambirana kwanu kwayenda bwino, apempheni zinthu zochepa izi. Ajenda izituluka dzulo lake kuti anthu akambirane kaye paokha, chifukwa kwathu kuno mfundo zolemera zimapsa kunja kwa bwalo, pabwalo zimangodzaperekedwa. A ku Japan ali ndi liwu lake la zimenezi, amati nemawashi, kuyendera anthu mmodzimmodzi miting'i isanachitike kuti pofika m'chipinda pasakhale wodzidzimutsidwa, ndipo m'makampani mwawo imeneyi ndi ntchito yovomerezeka, osati miseche. Funso loti pali vuto? alisiye, chifukwa limafuna munthu mmodzi adzipereke kutsutsa bwana pagulu. M'malo mwake azifunsa kuti chingatilepheretse n'chiyani, kapena ndi angati omwe tingakwanitse, kapena mukanakhala inu mukanayambira kuti. Mafunso amenewa amamupatsa munthu chilolezo chonena vuto popanda kuoneka wotsutsa. Akafunsa adikire, awerenge chamumtima mpaka 10 asanapitirire, poti anthu akumasulira kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chitumbuka kapena Chichewa n'kubwereranso, komanso akuyang'anana kuti ayambe ndani malinga ndi msinkhu. Ndipo asamayambe ndi kunena maganizo awo, akangoti ine ndikuona kuti tichite chonchi ndiye kuti miting'i yatha, otsalawo azingovomera.

Mphindi 5 zomaliza ndi zomwe ine ndimaziteteza kwambiri pa miting'i iliyonse yomwe ndikuyendetsa. Aliyense amene wapatsidwa ntchito anene ndi pakamwa pake chomwe achite, pofika liti, ndi chomwe akufunika kuti achite. Osati bwana kuwerenga anthu n'kumati eee, koma mwini ntchito kunena yekha. Pamenepo m'pomwe zimaululika, munthu amene anavomera mwaulemu akafika potchula tsiku amayamba kukayika, amati mwina Lachisanu likudzalo, ndiye mwagwira kusiyana kuja kusanabale mavuto. Kenako wolemba maminitsi atumize mizere yochepa tsiku lomwelo, ndani, chiyani, liti, ndipo pakhale mgwirizano woti amene waona kuti sizitheka ali ndi mpaka mawa masana kuti anene, kaya pa imelo kaya polowa mu ofesi. Khomo lakumbuyo limeneli ndi lofunika zedi kwa anthu amene sangathe kutsutsa pagulu, ndipo ndaona a dalaivala, osunga katundu ndi atsikana ongoyamba kumene ntchito akubweretsa mfundo zopulumutsa mamiliyoni kudzera pamenepo.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse ndi chikhalidwe. Nthawi zambiri chete wa pa miting'i amakhala mantha enieni. Kontilakiti ndi ya chaka chimodzi, amene amasayina kuti ipitirire ndi yemweyo akufunsa maganizo anu, kunyumba kuli ana a sukulu ndi lendi. Munthu wa ku Holland yemweyo atakhala pa mpando wanu, ntchito zikusowa chonchi, nayenso akhoza kuyamba kuyeza mawu. Njira yosiyanitsira ndi iyi, onani ngati timu yanu imayankhula momasuka bwana akakhala Mmalawi mnzathu, kapena bwanayo akatuluka. Onaninso chomwe chimachitika kwa munthu woyamba kunena uthenga woipa. Akathokozedwa, anthu ena amatsatira sabata yotsatira. Akakalipiridwa, palibe wekishopu ya zachikhalidwe yomwe ingatsegule pakamwa pa anthu. Chete amene ali mu ofesi mwanu panopa ndikuona kuti ndi wa mtundu umenewu, anzanu anaona zomwe zinakuchitikirani ndipo aliyense akuteteza khungu lake. Zikatere chimene chimathandiza msanga ndi bwana kunena pagulu pomwepo kuti mawu aja ndinalakwitsa, sindinamvetse. Poti chilonda chinachitikira pagulu, mankhwala akenso amafunika pagulu, ndipo mukhoza kuwapempha zimenezo.

Chenjezo lina ndi loti magulu a Hall aja musawatenge ngati chidindo pa munthu. Iye anawapanga kuchokera pa zomwe anaona ndi kukumana nazo, sanachite kuyeza mayiko ndi sikelo, ndipo akatswiri ena amamudzudzula pa mfundo imeneyi. Ndi nyali younikira, si chiweruzo. Ndakumana ndi a Jeremani ofatsa ozungulira nkhani, ndi a Malawi owaza mawu ngati nkhwangwa. Erin Meyer, amene amaphunzitsa pa sukulu ya zamalonda ya INSEAD ku Falansa, anaonetsa bwino kuti kumasula uthenga ndi kudzudzula mwachindunji ndi zinthu ziwiri zosiyana. A ku Amereka amamasula zonse koma akafuna kukudzudzula amayamba ndi kukuyamikira kaye, moti ukhoza kutuluka ukusangalala osadziwa kuti wachenjezedwa. A ku Falansa amakuluwika ndithu koma podzudzula salozera kumbali. A ku Holland amachita zonse ziwiri, kumasula ndi kudzudzula mosabisa, n'chifukwa chake kwa ife amamveka owawa kuposa ena. Ndipo musaganize kuti mukadzakhala ndi bwana wa ku China kapena ku Japan zidzaphweka poti tonse ndi okuluwika, kumeneko nthawi zina kumavuta koposa, chifukwa aliyense akuwerenga zizindikiro koma mabuku owerengera ndi osiyana, aliyense n'kumakhulupirira kuti wamva. Ngakhale ife tokha, wochokera ku Blantyre akafika kuno anzake n'kutembenukira m'Chitumbuka pakati pa nkhani, amatsala panja chimodzimodzi.

Za nthawi yofuna thandizo kwina. Ngati mwayankhula nawo panokha, mwayesa kwa mwezi umodzi kapena iwiri kupereka manambala ndi masiku momveka, koma miting'i ikadali manda, pemphani a zaantchito mu ofesi mwanu kapena wamkulu wa bungwe kuti abweretse munthu wapadera woyendetsa zokambirana, wodziwa mbali zonse ziwiri, akhale nanu tsiku limodzi. Zimathandizanso kupeza munthu wachikulire mu ofesi amene bwana amamudalira kuti akhale ngati thenga, azimasulira mbali zonse, bola asasanduke wonyamula miseche. Koma ngati bwanayo akupitiriza kukunyozani pagulu mutawauza kale kuti zimakupwetekani, akukalipa, akunena mawu onyoza a Malawi ngati mtundu, kapena akuopseza kuti kontilakiti yanu siipitirira chifukwa munadandaula, pamenepo tisanamizire chikhalidwe, kwawo komweko khalidwe limenelo silololedwa pa ntchito. Yambani kulemba tsiku, mawu omwe ananenedwa ndi amene analipo, sungani maimelo, tsatirani ndondomeko ya madandaulo ya bungwe lanu polemba kalata. Zikakanika mkati, ofesi ya boma ya zaantchito ilipo kuno ku Mzuzu, ndipo khoti loona za maubale a pantchito nalonso lili konkuno. Ndipo ngati mwayamba kusowa tulo, kudwala mutu Lamulungu lililonse madzulo poganiza za Lolemba, musazisunge nokha, kaonaneni ndi a chipatala kapena mlangizi.

Pa zomwe mwalembazi ine sindikuona kuti mwafika pamenepo. Ndikuona bwana watsopano amene sanatsikeko ku Usisya nthawi ya dzinja. Ngati mungathe, pa ulendo wotsatira wopita ku makalabu otsala aja apempheni akwere nawo galimoto, akhale kutsogolo pafupi ndi a dalaivala, ndipo mukafika pamalo oterera paja muwauze kuti bwana, kavuto pang'ono tinkanena kaja ndi aka.